Andipempha ukhale galanta wa nyumba ya mwana wa achemwali, ndisaine?

Funso: "Ine ndili ku Leicester, ndimagwira ntchito ya unamwino. Mwana wa achemwali anga wapeza nyumba ku Nottingham ndi anzake atatu, lendi yonse ndi £1,800 pa mwezi, aliyense £450. A ejenti akuti popanda galanta sawapatsa makiyi ndiye anditumizira fomu pa imelo kuti ndisaine pofika Lachisanu. Mwanayo akuti ndi umboni chabe. Kodi zikavuta ine ndingalipire chani kwenikweni?"

Achemwali, musasaine kaye. Sindikunena kuti mukane ayi, mwanayo ndi wanu ndipo mwina alibenso wina kunoko, koma fomu imeneyo momwe ma ejenti ambiri amailembera ndi yoopsa kuposa momwe mwanayo akuganizira, ndipo zonse zomwe mungakonze muyenera kukonza siginecha yanu isanafikepo. Mukangodina batani losainira pa kompyuta basi mphamvu zanu zokambirana zathera pompo.

Mawu oti umboni ndi amene akutipweteka ife a kumudzi. Kwathu tikamva zoti "bwerani mudzasaine" timaganiza za mboni, munthu amene amangoti inde ndinalipo, ndinaona akupatsana ndalama, uyu ndimamudziwa ndi mwana wa uje. Mboni ikasaina imapita kwawo kukagona. Galanta si zimenezo. Galanta akulonjeza landilodi kuti wobwereka nyumbayu akalephera kuchita zomwe walonjeza mu kontilakiti, ine ndichita m'malo mwake, ndi ndalama zanga. Ngati munalowapo mu SACCO kwathu mukukumbuka momwe zimakhalira mnzanu amene munamuikira kumbuyo akathawa ngongole, amadula masheya anu. Ndi chimodzimodzi, kungoti kuno wodula ndi khothi, ndipo ngongoleyo siidziwika kukula kwake tsiku losaina chifukwa imakula mwezi ndi mwezi.

Zomwe ndikulemba apa ndi za ku England popeza nyumbayo ili ku Nottingham. Ku Scotland malamulo a nyumba ndi ena.

Ndiyambe ndi chinthu chachikulu, chimene ndikufuna mukachiyang'ane usiku uno. Ana anayiwa, kodi asaina kontilakiti imodzi onse, kapena aliyense yake ya chipinda chake? Popeza mwatchula lendi yonse £1,800 ndikukayikira kwambiri kuti ndi imodzi. Tsegulani kontilakitiyo pa foni kapena pa kompyuta, mufufuze mawu awa momwe alembedwera: `jointly and severally`. Mukawapeza, tanthauzo lake ndi loti kwa landilodi kulibe zoti uyu £450 uyu £450. Zogawana zija ndi za anawo okha kukhitchini kwawo. Pamaso pa lamulo aliyense mwa anayiwo ali ndi ngongole ya £1,800 yonse mwezi uliwonse, ndipo landilodi atha kusankha mmodzi yekha n'kumuuza kuti lipira zonse. Ndiye inu fomu yanu ikamati mukuikira kumbuyo zonse zimene mwana wa achemwali anu akuyenera kuchita mu kontilakiti, ndiye kuti mwaikira kumbuyo £1,800 ija, osati £450. Mwasainira ana atatu a eni ake omwe simunawaonepo nkhope, simukudziwa kaya amagwira ntchito, kaya mawa akwera ndege.

Chimene chimasokoneza anthu ndi choti ejenti akamakuyezani ngati mukukwanira, ambiri amafuna kuti malipiro anu a pa chaka akhale pafupifupi lendi ya mwezi kuchulukitsa ka 36, ndipo kawirikawiri amawerengera pa gawo la mwana wanu lokha. £450 ka 36 ndi £16,200, inu namwino mudutsa mosavuta, ndiye mtima umakhala pansi kuti aa ndiye kuti nkhani yake ndi ya £450. Koma akanawerengera pa nyumba yonse ikanakhala £64,800. Kuyeza amakuyezani pa chipinda chimodzi, kumanga amakumangani pa nyumba yonse. Chimene khothi lidzawerenge ndi fomu mwasainayo, osati masamu a ejenti aja.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala anu omwewo kuti muone momwe zimayendera. Alowa m'nyumba, miyezi itatu yoyamba zonse zili bwino. Kenako mmodzi wayambana ndi anzake, wanyamula zikwama wapita kwa chibwenzi chake ku Birmingham, wasiya kulipira, foni sakuyankha. Otsalawo akuti ife tikulipira zathu, zake akamufunse yekha. Papita miyezi 6, ndiye £450 ka 6 ndi £2,700. Mkatikati wina maawala ake amudulira kuntchito, walephera miyezi itatu, £1,350. Lendi yotsalira yafika £4,050, ndipo onani kuti mwana wa achemwali anu sanaphonyepo olo mwezi umodzi. Pomaliza atuluka onse, ejenti wabwera kudzayendera nyumba, kapeti wa pabalaza wapsa ndi ayironi, chitseko cha chipinda china chathyoka, uvuni ndi bafa zikufunika oyeretsa, zinyalala zasiyidwa kuseli, tinene kuti zonse £1,900. Pamodzi £5,950.

Mwina mukuti nanga dipoziti? Ilipo, koma ndi yochepa. Lamulo la Tenant Fees Act 2019 limati dipoziti isapitirire lendi ya masabata asanu ngati lendi ya pa chaka ili pansi pa £50,000. Pa nyumba iyi lendi ya sabata ndi £1,800 ka 12 kugawa ndi 52, yomwe ndi £415 ndi makobiri, ndiye masabata asanu ndi £2,076. Mukachotsa pa £5,950 patsala £3,874. Pamwamba pake atha kuika chiwongoladzanja pa lendi yochedwa ngati kontilakiti ikutero, lamulo lomwelo limalola lendi ikachedwa masiku 14 ndipo malire ake ndi 3 peresenti pamwamba pa mlingo wa Bank of England, kuphatikizanso ndalama za kukhothi akapita kukhothi.

Tsopano dziikeni m'malo mwa landilodi. Ali ndi ana anayi, wina sakudziwika komwe ali, ena malipiro awo ndi a maawala, akaunti ilibe kanthu. Ali ndi magalanta mwina anayi, wina ndi penshonala, wina anasamuka, ndiye pali inu, namwino wa ntchito yokhazikika, adiresi yodziwika, mapepala a malipiro munatumiza nokha pa imelo. Apita kwa ndani? Ndipo lamulo silimukakamiza kuti ayambe wathamangitsa anawo kukhothi asanabwere kwa inu, pokhapokha fomu itanena choncho. Silimukakamizanso kugawa ngongoleyo mofanana kwa magalanta onse. Atha kubwera kwa inu nokha ndi £3,874 yonse. Mukalipira muli ndi ufulu wokaitanitsa ndalamazo kwa mwana amene munamuikira kumbuyo, ndipo iye atha kulondola anzake aja, koma inu mukudziwa nokha kuti kutengera mwana wa achemwali anu kukhothi ndi nkhani yoti kumudzi simudzaimaliza.

Ndinakhalapo ndi bambo wina pa tebulo, anabwera ndi envelopu ya khaki yopindapinda m'thumba la jekete ya kuntchito, atatsika shifiti ya usiku maso ali psuu. Anasainira mnyamata wa kutchalitchi kwawo zaka zitatu m'mbuyomo ndipo anali ataiwala n'komwe. Mnyamatayo anali atatuluka m'nyumbamo kalekale, anangosiya makiyi kwa anzake osauza landilodi mwa kalata. Bamboyo ankangobwereza kuti koma iyeyu sakhalamo, iyeyu sakhalamo, chala chili pa pepala. Zinandiwawa kumuuza kuti pa pepala akadali mkati, ndipo inunso mukadali mkati. Chimenechi ndi chinthu chachiwiri choti muyang'ane, udindowu umatha liti.

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi chaka chimodzi basi. Kale makontilakiti ambiri ankakhala a miyezi 6 kapena 12, ndipo olo nthawi imeneyo mafomu ambiri ankalembedwa kuti galanta apitirira ngakhale kontilakiti itawonjezeredwa kapena itasanduka ya mwezi ndi mwezi. Pano zasinthanso. Lamulo la Renters' Rights Act 2025, lomwe mbali yake yaikulu tsiku lake loyambira ndi 1 Meyi 2026, lathetsa makontilakiti a nthawi yoikika kwa malandilodi wamba ku England, kontilakiti imangoyenda mwezi ndi mwezi mpaka wobwereka atapereka notisi ya miyezi iwiri kapena landilodi atapeza chifukwa chovomerezeka ndi lamulo chomutulutsira. Kwa wokhala m'nyumba zimenezi ndi zabwino ndithu. Koma kwa inu galanta zikutanthauza kuti palibe tsiku lomwe kontilakiti imafa yokha. Fomu ikangoti muli galanta nthawi yonse ya kontilakiti, ndiye kuti zitha kukhala zaka ziwiri, zisanu, kaya zingati. Ndipo simungangolemba kalata kuti ine ndatopa ndatulukamo, pokhapokha fomuyo ili ndi ndime yokulolani kutero kapena landilodi wavomera yekha, ndipo iye avomera chifukwa chani ngati palibe wina wolowa m'malo mwanu. Mahositelo akuluakulu omangidwira ana a sukulu ali ndi malamulo ake osiyanako, koma nyumba wamba ngati iyi ili m'lamulo latsopanoli.

Khomo lotulukira lenileni lili m'manja mwa mwanayo, osati mwa inu. Pa kontilakiti ya mwezi ndi mwezi yomwe anthu asaina limodzi, mmodzi akapereka notisi yolondola, yolembedwa, kontilakiti yonse imatha kwa onse. Otsalawo akafuna kukhalabe amapangana ndi landilodi kontilakiti yatsopano, ndipo imeneyo inu simusainako, nkhani yanu yathera pa ngongole zomwe zinalipo mpaka tsiku limenelo. Ndiye mwanayo mumuuze momveka bwino, tsiku limene adzafune kuchoka asadzangonyamula katundu n'kupeza mnzake wina kuti alowe m'chipinda chake mwachinsinsi. Akatero dzina lake likadali pa kontilakiti, lanu likadali pa fomu, ndipo mukuikira kumbuyo nyumba yomwe mulibemo wanu aliyense. Ndi zomwe zinamuchitikira bambo uja.

Pa nkhani ya imfa, pepani kuitchula koma imafunika. Lamulo latsopanoli linaikamo chitetezo choti galanta asamalipitsidwe lendi ya nthawi ya pambuyo pa imfa ya wobwereka nyumba amene anamuikira kumbuyo, pa mafomu osainidwa lamuloli litayamba kugwira ntchito. Ngongole ya m'mbuyo imakhalapobe. Mukamwalira ndinu galanta, zimatengera mawu a fomu, mafomu ena amati udindowo ugwera pa chuma chomwe mwasiya, ndiye ngati muli ndi ana anu kapena nyumba ya mogeji ndime imeneyo muiwerenge kawiri.

Nanga lendi ikakwera? Pali lamulo lakale kwambiri lochokera pa mlandu wa Holme v Brunskill wa 1878, loti landilodi ndi wobwereka akasintha pangano lawo mwa njira yoti ikhoza kumupweteka galanta, iye osavomereza, galantayo amamasuka. Ndi chitetezo chenicheni ndipo anthu amapulumukira pomwepo. Koma olemba mafomu amalidziwa bwino lamuloli kuposa ife, ndiye amaikiratu ndime yoti mukuvomera pasadakhale kukwera kulikonse kwa lendi ndi kusintha kulikonse kwa kontilakiti. Pano landilodi amaloledwa kukweza kamodzi pa chaka kudzera mu notisi ya Section 13. Fomu yanu ikakhala ndi ndime ija, £1,800 ikadzakhala £1,950 inu muli momwemo osafunsidwa.

Mawu ena oti mufufuze ndi `indemnify` kapena `primary obligor`. Ugalanta weniweni umatsamira pa ngongole ya wobwereka, iye akakhala kuti alibe mlandu inunso mulibe. Koma mawu awiriwa amakusandutsani mwini ngongole mwa inu nokha, moti zifukwa zina zomwe zikanakumasulani sizigwiranso ntchito. Mafomu ambiri a ma ejenti amaphatikiza zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi chachitali chomwe munthu amangochidumpha.

Pa zowonongeka ndisakhalitsepo, koma dziwani kuti si chilichonse chomwe landilodi walemba chomwe muyenera kulipira. Kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsa ntchito mwa masiku onse, penti kufwifwa, kapeti kupyapyala panjira, zimenezo ndi zake. Ndipo sangakulipitseni kapeti watsopano mtengo wonse pomwe amene wapsayo anali wa zaka 8, amayenera kuchotsera ukalamba wake. Chokutetezani apa ndi invetale ya tsiku lolowa, pepala lija lolemba momwe chipinda chilichonse chilili. Mwanayo ajambule zithunzi tsiku loyamba asanalowetse katundu, uvuni mkati, makona a bafa, madontho a pa kapeti, mamita a magetsi ndi gasi, akutumizireni inunso musunge. Dipoziti iyenera kusungidwa ku imodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka, DPS, mydeposits kapena TDS, pasanathe masiku 30, ndipo mabungwewa amaweruza ulere mkangano wa zodula pa dipoziti. Mabilu a magetsi, gasi ndi khansolo takisi amakukhudzani pokhapokha kontilakiti itawaika ngati udindo wa wobwereka kwa landilodi n'kupezeka kuti landilodi waluza ndalama chifukwa cha iwo, kampani ya magetsi payokha singakutsateni chifukwa simunapangane nayo kanthu.

Ndiye mupange bwanji pofika Lachisanu? Choyamba itanitsani kontilakiti yonse ya nyumbayo, osati fomu yanu yokha ya masamba awiri. Mukulonjeza kukwaniritsa zomwe zili mu kontilakitiyo ndiye simungalonjeze chinthu chomwe simunachione, ejenti akakana kukupatsani chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira chosasainira. Mukawerenga muwalembere imelo, osati foni, zonse zikhale zolembedwa, muwauze kuti ndine wokonzeka kukhala galanta koma pa mfundo izi.

Yoyamba ndiyo yaikulu, fomu inene dzina la mwanayo ndi kuti udindo wanu ndi gawo lake lokha la lendi, £450 pa mwezi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a zowonongeka, osapitirira. Inenenso poyera kuti izi zili choncho ngakhale kontilakiti ikumanga anawo pamodzi, chifukwa popanda chiganizo chimenecho ndime ziwirizo zidzalimbana ndipo mudzakhala mukukangana kukhothi. Yachiwiri, pakhale denga la ndalama zonse zomwe mungalipitsidwe, nambala yeniyeni, mwachitsanzo £2,700 yomwe ndi gawo lake la miyezi 6. Nambalayo musankhe imene mukudziwa kuti itati yabwera mawa mutha kuilipira osaphonya lendi yanu kapena fizi ya ana kumudzi. Yachitatu, tsiku lothera, mwina miyezi 12 kuchokera tsiku lolowa, kapena ndime yoti mutha kutuluka popereka notisi ya miyezi iwiri. Yachinayi imaoneka yaing'ono koma imapulumutsa, akudziwitseni mwa kalata kapena imelo pasanathe masiku 14 lendi ikangophonyedwa. Popanda ndime imeneyi landilodi alibe udindo wokuuzani kanthu, atha kukhala chete miyezi 8 ngongole ikukwera, podziwa kuti kumapeto kuli namwino. Ngongole ya mwezi umodzi mumaizimitsa ndi foni imodzi kwa mwanayo, ya miyezi 8 ndi ina.

Onani kusiyana kwake pa chitsanzo chathu chija. Ndi fomu ya ejenti momwe ilili, £3,874. Ndi fomu yokonzedwa, lendi yotsalira inu siikukukhudzani chifukwa mwanayo gawo lake analipira lonse, zowonongeka gawo lake ndi £475, ndipo gawo lake la dipoziti ndi £519. Pamenepo chomwe chingafike kwa inu ndi chochepa kwambiri, olo zitavuta bwanji pa kawerengedwe ka dipoziti sichidutsa £475. Nyumba yomweyo, ana omwewo, mavuto omwewo, kusiyana kwake ndi ziganizo zitatu zinayi pa pepala.

Kodi avomera? Ena amavomera, makamaka ngati ana onse anayi aliyense ali ndi galanta wake, chifukwa landilodi amakhala kuti watetezedwabe pa nyumba yonse. Ena amayankha kuti fomu yathu siisinthidwa. Pamenepo muwapemphe kuti afunse landilodi mwini wake, nthawi zambiri amene akukana ndi wa pa desiki amene sakufuna ntchito yowonjezera, pomwe mwini nyumba akungofuna anthu alowe lendi iyambe. Ndipo ejenti akakuuzani pa foni kuti musadandaule mayi, ife timangotsata gawo la mwana wanu basi, muyankheni kuti ngati ndi choncho tilembe momwemo. Zonena pakamwa kudzazitsimikizira patapita zaka ziwiri, munthuyo atachoka pa ntchito, ndi zovuta kwambiri. Musalipirenso kanthu chifukwa chokhala galanta, lamulo la 2019 lija linaletsa ma ejenti kulipitsa wobwereka kapena galanta ndalama ya fomu kapena ya kufufuzidwa.

Akakaniratu, njira zina zilipo. Ngati mwanayo ali pa yunivesite afunse ku ofesi yothandiza ophunzira, mayunivesite ena ali ndi dongosolo loikira kumbuyo ophunzira awo makamaka ochokera kunja. Palinso makampani omwe ntchito yawo ndi kukhala galanta pa malipiro, kungoti muwerenge bwino chifukwa ambiri amafuna munthu wina wosainira nawo, ndipo akalipira landilodi amatembenukira kwa mwanayo ndi wosainira uja, ndiye mutha kutulukira pakhomo n'kulowera pawindo. Njira imene anthu athu ambiri ankagwiritsa ntchito, yolipiriratu miyezi 6 kuti asafune galanta, lamulo latsopano laitseka, landilodi saloledwa kufuna lendi yoposa mwezi umodzi pasadakhale, ndiye muyembekezere kuti mapempho a ugalanta achuluka pakati pathu. Njira ina yosavuta ndi kupeza nyumba yomwe aliyense amasaina kontilakiti ya chipinda chake, pamenepo vuto la kusenza ngongole za eni silikhalapo n'komwe.

Za kasainidwe pang'ono. Ugalanta kuti ugwire ntchito ku England uyenera kukhala wolembedwa ndi wosainidwa ndi inu, lamulo lake ndi lakalekale, Statute of Frauds 1677, ndipo likugwirabe ntchito. Kuvomera pa foni sikukumangani. Koma musadalire zoti sindinagwire cholembera, siginecha ya pa kompyuta ndi yovomerezeka, ngakhale imelo yomwe mwalemba dzina lanu pansi itha kuwerengedwa ngati kusaina, ndiye mu imelo yanu yokambirana muikemo kuti simunavomere kanthu mpaka fomu yomaliza itasainidwa. Mukaona mawu oti `deed` pamwamba, ndiye kuti pafunika munthu woonerera mukusaina amene asainenso, ameneyo ndiye mboni yeniyeni ndipo iye salipira kanthu. Landilodi amagwiritsa ntchito njira imeneyi makamaka ngati galanta akusaina anthu atalowa kale m'nyumba, chifukwa popanda iyo lonjezo lanu litha kukhala lopanda mphamvu. Sungani kope ya zonse zomwe mwasaina, bambo uja analibe olo tsamba limodzi ndipo tinayamba ndi kupempha kwa omwe ankamulondolawo.

Tsiku lina kalata ikadzabwera, chonde musaiike pansi pa matiresi. Isanafike nkhani kukhothi mumayenera kulandira kalata yofotokoza ngongoleyo, ndipo ngati wolondola ndi bizinesi mumapatsidwa masiku 30 oti muyankhe. Yankhani, mupemphe ndandanda wa lendi mwezi ndi mwezi, malisiti a zokonza, invetale yolowera ndi yotulukira, ndi umboni wa momwe dipoziti yagwiritsidwira ntchito. Nambala yoyamba kawirikawiri imatsika mukafunsa mapepala. Pitani nazo ku Citizens Advice kapena muimbire Shelter, mabungwe opereka uphungu, ndi zaulere, akuonereni ngati fomuyo inasainidwa moyenera, ngati lendi kapena anthu okhalamo anasinthidwa inu osadziwa, komanso ngati mulibe ndime zopondereza zomwe Consumer Rights Act 2015 imakana. Ngongole ikakhala yoona kambiranani zolipira pang'onopang'ono, malandilodi ambiri amalola chifukwa khothi nalonso ndi nthawi ndi ndalama.

Mapepala a khothi akabwera muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Mukangokhala chete chigamulo chimaperekedwa inu kulibe, chija amati CCJ, ndipo chimakhala pa dzina lanu zaka 6 pokhapokha mutalipira zonse pasanathe mwezi umodzi. Zaka 6 zimenezo mogeji imavuta, ngongole ya galimoto imavuta, ngakhale kubwereka nyumba yanu inuyo kumavuta mpaka nanunso mudzafune galanta. Mukapanda kulipirabe atha kupempha khothi kuti ndalamazo zizidulidwa ku malipiro anu kuntchito, kapena kutumiza mabelifu, kapena kuika ngongoleyo pa nyumba yanu ngati muli nayo. Mukasamuka muuzeni ejenti adiresi yatsopano, anthu ambiri CCJ amaitulukira ku banki chifukwa makalata onse ankapita ku nyumba yakale.

Mwanayo mumuimbire lero, osati mokalipa, iyeyo sakunamizani, naye anauzidwa choncho. Mumuwerengetse masamu a £3,874 aja yekha. Mumufunse kuti anzakewo ndi ndani, amapeza bwanji ndalama, magalanta awo ndi ndani ndipo asaina kale kapena mukhala nokha, chifukwa zimachitika kuti pa anayi galanta amene wadutsa ndi mmodzi ndipo ejenti amangoti chabwino ameneyo akwanira. Mugwirizane kuti tsiku lomwe wina aliyense m'nyumbamo waphonya lendi, olo si iyeyo, akuuzani sabata yomweyo. Achemwali anu kumudzi nawonso adziwe chomwe mwasenza ndi nambala yake, mu makwacha ngati n'kotheka, kuti mawa zikadzavuta isadzakhale nkhani yoti azakhali ake akumuvutitsa mwana. Za Lachisanu zisakuthamangitseni, muwalembere lero kuti mukufuna kontilakiti yonse ndi masiku awiri atatu owerenga, ndipo ngati mwanayo analipira kale kandalama kogwirira nyumba, nthawi yomwe lamulo limapereka kuti mbali zonse zimalize kusaina ndi masiku 15 kuchokera tsiku lomwe analipira, pokhapokha atagwirizana tsiku lina molemba. Mufunseni analipira liti, muwerenge masiku atsala.